Mabizinesi asanu ndi anayi, mvula imodzi: nkhani ya aphunzitsi opuma a ku Balaka

Ndimagwira ntchito yaulangizi wa ngongole ndi mabizinesi mu sako ina, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama, kuchigawo chakummwera. Lipotili ndalembera anzanga apantchito yomweyi, amene tsiku lililonse amakumana ndi mamembala onena kuti chuma chawo ndi chotetezeka chifukwa ali ndi mabizinesi ambiri. Mayina ndawasiya, ndipo ndalama ndazilemba mozungulira pang'ono.

Mmene anafikira

Bambo amene ndikunena anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale m'boma la Balaka. Anapuma ntchito kumayambiriro kwa 2022. Ndalama zopumira ntchito ataziphatikiza ndi zimene ankasunga kwa ife zinakwana pafupifupi K20 miliyoni. Anzawo ena anaziwonongera pa minibasi imodzi, koma iwo anakana zimenezo n'kugawa ndalamazo m'zinthu zisanu ndi zinayi. Anagula chigayo cha dizilo cha K5 miliyoni, anamanga nyumba zitatu za lendi pa tredingi senta ya kwawo ndi K4.5 miliyoni, anagula njinga zamoto ziwiri za kabaza ndi K3 miliyoni, ndipo anatsegula golosale ya K2.5 miliyoni. Zotsalazo zinapita ku geni yogula ndi kusunga chimanga, mbuzi 25, masheya a mayi akunyumba m'mabanki mkhonde awiri, munda wa chimanga, ndi munda wina wa nandolo ndi thonje.

Anabwera ku ofesi mu Ogasiti 2023 kudzapempha ngongole ya K3 miliyoni yoti agulire makina okonola, ikhale bizinesi yachikhumi. Fomu inali yodzazidwa mwaukhondo ngati sikimu ya kalasi. Chikole chinalipo chokwanira. Kunena zoona, pafupifupi ndikanaivomereza tsiku lomwelo.

Chimene chinandiimitsa ndi mzere umodzi m'buku lawo la ndalama. Mu Febuluwale 2023 anali atatenga K300,000 ya katapila kuti alipire fizi ya mwana wawo wa ku koleji, n'kubweza K390,000 patatha mwezi umodzi. Ndinafunsa kuti, “Aphunzitsi, munthu wa mabizinesi asanu ndi anayi anapita bwanji kwa akatapila?” Anayankha mopepuka kuti, “Alangizi, mwezi umenewo palibe chinkayenda.” Mawu akuti palibe ndi amene anandichititsa kupempha mabuku onse.

Zimene mabuku anaonetsa

Ubwino wa aphunzitsi ndi wakuti amalemba. Bizinesi iliyonse inali ndi kope lake, ndipo tinapeza miyezi 15 yathunthu, kuyambira Meyi 2022 mpaka Julayi 2023. Ndinaika phindu la mwezi uliwonse pakompyuta, bizinesi iliyonse mu ndandanda yake, n'kuyeza mmene ziwiriziwiri zimayendera limodzi:

```
=CORREL(B2:B16,C2:C16)
```

Nambala imene imatuluka apa ndi imene a maphunziro a zachuma amaitcha korileshoni. Imakhala pakati pa -1 ndi 1. Ikayandikira 1 ndiye kuti zinthu ziwirizo zimakwera limodzi ndi kutsika limodzi. Ikakhala pafupi ndi 0, china sichidziwa za chinzake. Ikatsika pansi pa 0, china chimakonda kukwera pamene chinzake chikutsika.

Chigayo ndi golosale zinapereka 0.8. Golosale ndi kabaza 0.7. Ngakhale lendi, imene ndinkaganiza kuti imabwera mofanana mwezi ndi mwezi, inapereka 0.6 poiyerekeza ndi golosale, chifukwa m'nyumbazo munkakhala telala, wogulitsa nsomba zouma ndi mnyamata wometa, ndipo onse atatu ankalephera kulipira m'miyezi yofanana.

Sindikufuna kuti anzanga mudalire kwambiri manambalawa. Miyezi 15 ndi yochepa, ndipo mbali yaikulu ya kufanana kumeneku ndi nyengo chabe: kumudzi ndalama zimaoneka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, n'kusowa kuyambira Januwale mpaka Malichi. Kusowa kwa chaka ndi chaka kumeneko munthu angathe kukukonzekera posunga ndalama. Choopsa ndi chaka choipa, ndipo m'mabukumo munalibe zaka zokwanira kuti kompyuta itiuze za icho. Choncho ndinatseka kompyuta n'kutenga pepala. Pa bizinesi iliyonse tinalemba yankho la funso limodzi: ndalama imene imalowa muno imachokera m'thumba la yani, ndipo iyeyo amaipeza kuti?

Wobwera kuchigayo ndi mlimi amene wakolola. Wogula shuga ndi sopo pagolosale ndi mlimi amene wagulitsa nandolo. Wokwera kabaza ndi yemweyo akupita kumsika. Telala amasoka mayunifomu ndi zitenje za alimi. Amayi a banki mkhonde amabweza ngongole ndi ndalama za geni yogulitsa kwa alimi. Minda iwiri ija ndiyo yosachita kufunsa. Titafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri aphunzitsi analeka kulemba, anavula magalasi, n'kunena kuti, “Ndiye kuti ndili ndi bizinesi imodzi.” Anali ndi bizinesi imodzi ndithu: mvula yogwa pa midzi yosapitirira makilomita khumi kuchokera pakhomo pawo.

Kugawa chuma, kapena dayivesifikeshoni monga amanenera m'mabuku, tanthauzo lake si kukhala ndi zinthu zambiri. Ndi kukhala ndi zinthu zimene sizigwa ndi chifukwa chimodzi. Agogo athu ankadziwa zimenezi pamene ankabzala chinangwa kapena mapira pambali pa chimanga. Sankawerenga mitundu ya mbewu, ankafuna mbewu yopirira pamene inzake yafota.

Masamu amene ndinawaonetsa

Popeza ndi mphunzitsi, anafuna kuona masamu ake. Ganizo limeneli analiika m'masamu ndi Harry Markowitz wa ku Amereka mu 1952, ndipo analandira nalo mphoto ya Nobel mu 1990. Ngati munthu wagawa ndalama mofanana m'zinthu zingapo zogwedezeka mofanana, kugwedezeka kwa chuma chake chonse kumapezeka motere:

```
σp = σ × √(ρ + (1 − ρ)/n)
```

Apa σ ndi kugwedezeka kwa chinthu chimodzi, n ndi kuchuluka kwa zinthuzo, ndipo ρ ndi korileshoni ya pakati pawo. Tinayerekeza kuti phindu la bizinesi iliyonse limatha kukwera kapena kutsika ndi 30 peresenti pa chaka. Munthu wa bizinesi imodzi ali pa 30. Wa mabizinesi asanu ndi anayi amene korileshoni yake ndi 0.8 ali pa 27.2. Ataonjezera kufika 20 amatsika kufika pa 27 basi, ndipo ngakhale atakhala ndi chikwi sangatsike pansi pa 26.8. Koma wa mabizinesi awiri okha osadziwana, a korileshoni 0, ali pa 21.2.

Anabwereza kuwerengera okha ndi kakyuleta ya pafoni, kawiri. Chimene masamuwa akunena ndi chakuti kuchuluka kwa mabizinesi kumangochepetsa ngozi ya bizinesi iliyonse payokha, monga lamba wa chigayo kuduka, wakabaza kuthawa ndi njinga, kapena mbuzi kudwala. Pa zoterezi mabizinesi asanu ndi anayi anawathandizadi, ndipo sindinawauze kuti analakwitsa zonse. Koma ngozi yogwera onse pamodzi imatsala yonse, ngakhale n akule bwanji. Makina okonola aja akanangowonjezera n, pa kasitomala yemweyo ndi dizilo yemweyo, komanso ndi ngongole pamwamba.

Panali chinthu chimodzi chodabwitsa. Geni yosunga chimanga inapereka -0.4 poiyerekeza ndi chigayo. Chifukwa chake n'chosavuta: chimanga chimakwera mtengo pamene anthu alibe choti agayitse. Mwa zisanu ndi zinayizo, chimenechi chokha ndi chimene chinkayenda motsutsana ndi zinzake, ndipo ndi chimene aphunzitsi ankafuna kusiya chifukwa cha anankafumbwe ndi mavuto a abale obwera kudzapempha.

Zimene tinagwirizana

Ngongole ya makina okonola tinaikana. Sanasangalale, ndipo anatha milungu itatu osabwera. Amene anawabweretsanso ndi mayi akunyumba, omwe pokhala pansi anangoti, “Ine ndinawauza kale abambowa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.” Ndinawafotokozera kuti vuto silinali kuchuluka kwa nthambi, koma kuti zonse zinali za mtengo umodzi. Nthawi imeneyo a zanyengo anali atayamba kuchenjeza za El Niño, ndipo zinathandiza kuti nkhani imveke.

Mu Seputembala ndi Okutobala 2023 anagulitsa njinga imodzi pa K1.3 miliyoni ndi mbuzi khumi pa K500,000. Golosale anaichepetsa katundu ndi kusiya kukongoza, zomwe zinamasula K1 miliyoni. Ife tinawapatsa ngongole ya K2 miliyoni. Zonse pamodzi K4.8 miliyoni.

Pa ndalamazi, K1.8 miliyoni inapita ku pampu ya sola ndi kubwereka dimba m'mbali mwa Shire, chakumunsi kwa Liwonde. Ndi ulimi womwewo, inde, koma madzi ake amachokera kunyanja, sadalira mitambo ya ku Balaka, ndipo chimanga chachiwisi chimadula pamene cha kumtunda chakanika. K500,000 inakonzetsa nyumba imodzi, kuikamo magetsi ndi simenti, kuti mulowe munthu wolandira malipiro apamwezi, ndipo munalowa wogwira ntchito pachipatala chaching'ono chapafupi. K1.5 miliyoni tinaitsekera kubanki kwa miyezi isanu ndi umodzi. K1 miliyoni yotsala inagula masheya pamsika wa masheya wa ku Blantyre. Geni ya chimanga inatsala, koma m'matumba osalowa mpweya ndiponso posungira kutali ndi nyumba.

Pa masheyawo panachitika kanthu koyenera kukatchula, chifukwa ndi nkhani yomweyi itavala suti. Mwana wawo wa ku Blantyre anabweretsa mayina anayi a makampani n'kunena kuti wagawa bwino: National Bank, Press Corporation, NBS Bank ndi NICO Holdings. Makampaniwa alibe mlandu, koma Press Corporation ndiyo mwini wa gawo lalikulu la National Bank, ndipo NICO Holdings ndiyo mwini wa gawo lalikulu la NBS Bank. Mayina anayi, koma kwakukulukulu ndi mabanki awiri, ndipo mabanki onse a dziko lino amadya kwambiri pa chiwongoladzanja cha ngongole za boma. Tinasankha atatu a ntchito zosiyana: banki imodzi, kampani ya mafoni, ndi kampani yogulitsa katundu wake ngakhale kunja kwa dziko.

Pamene ndinalakwitsa

Pa 9 Novembala 2023 Banki Yaikulu inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mafuta anatsatira pomwepo, dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita.

K1.5 miliyoni imene ndinawalangiza kutsekera kubanki inali yofanana ndi madola pafupifupi 1,270 madzulo ake, ndipo m'mawa mwake inali madola 880. Chiwongoladzanja sichikanafika pa kukwera kwa mitengo, komwe kunapitirira 30 peresenti m'miyezi yotsatira. Choipa kwambiri n'chakuti ndinali nditachita chimene ndinkawadzudzula nacho. Penshoni yawo ya pamwezi, ndalama ya kubanki, lendi ya wachipatala imene tinagwirizana kwa chaka chonse, ndi masheya a mayi ku banki mkhonde, zonsezi ndi kwacha yosasuntha. Pa mvula zinali zosadziwana ndi minda, ndipo m'pamene maso anga anali. Pa kugwa kwa kwacha zinali chinthu chimodzi. Chigayo ndi kabaza nazo zinali ndi ubale wachiwiri umene ndinauona koma sindinaulemekeze: zonse zimamwa mafuta ogulidwa ndi madola. Mtengo wogayitsa sukanakwera msanga ngati dizilo, chifukwa makasitomala akanathawira kuchigayo chamagetsi.

Sindinganene kuti sindinadziwe. Kwacha inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo aliyense ankaona kusiyana kwa mtengo wa dola kubanki ndi pamsika wamseri. Ndinafunsa funso la mvula pa bizinesi iliyonse, koma funso la kwacha sindinalifunse pa iliyonse. Pampu ya sola, yomwe ndi katundu wochokera kunja, inagulidwa milungu itatu kwacha isanagwe. Imeneyo inali mwayi, si nzeru zanga.

Ndinawaitana n'kuwauza mosabisa. Kuswa mgwirizano wa kubanki kukanawadyera chiwongoladzanja chonse, choncho tinadikira kuti ithe mu Epulo 2024. Itatha, K500,000 yokha inatsala ngati ndalama ya mwadzidzidzi, ndipo zina zonse zinapita ku chimanga chosunga.

Chilala

Mvula inadula mu Januwale ndi Febuluwale 2024. Pa 23 Malichi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha El Niño. Munda wa aphunzitsi, umene unapereka matumba 60 chaka chapitacho, unapereka 14. Nandolo anayesetsa, thonje linakanika. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, miyezi imene chigayo chimalira usana wonse, chinkayatsidwa masiku atatu pa mlungu. Phindu la chigayo, golosale ndi kabaza pamodzi linatsika kufika pafupifupi theka la chaka chapitacho, ndipo m'kwacha yofooka. Telala anasamuka ali ndi ngongole ya miyezi inayi. Banki mkhonde imodzi inagawana mochedwa, ndalama zili zoperewera, chifukwa mamembala ambiri analephera kubweza nthawi imodzi.

Mbuzi ndi phunziro lapadera. M'mabuku a miyezi 15 aja korileshoni yake ndi zina zonse inali pafupi ndi 0, ndipo aphunzitsi ankazitcha banki yawo yoyenda. M'chaka chabwino zimenezo n'zoona, chifukwa mbuzi imagulitsidwa pa ukwati, pa Idi, pa Khirisimasi. Koma njala ikalowa, banja lililonse limatengera mbuzi kumsika mlungu womwewo kuti ligule chimanga, ndipo ogula amatchula mtengo umene akufuna. Mbuzi khumi zimene anagulitsa mu Okutobala zinapita pa K50,000 iliyonse. Ziwiri zimene anagulitsa mu Febuluwale zinapita pa K35,000, kwacha itagwa kale. Korileshoni yoyezedwa pa mtendere imanama za nthawi ya mavuto: zinthu zimene zimaoneka zosadziwana zimagwera limodzi pamene aliyense akufuna ndalama nthawi imodzi. Kompyuta sikanaona zimenezi. Mlimi aliyense wachikulire akanatiuza.

Kumbali inayo, dimba linagwira. Madzi mu Shire anali ambiri chaka chimenecho, popeza nyanja inali itadzaza kwambiri. Anakolola katatu. Chimanga chachiwisi chinagulidwa chili m'munda ndi mavenda a ku Liwonde. Tomato wa ulendo wachiwiri anakumana ndi wa anthu onse a m'madimba ndipo anangobweza mtengo wa mbewu ndi mankhwala, koma ulendo wachitatu anabwerera ku chimanga. Wachipatala analipira lendi mwezi uliwonse, mochedwa masiku angapo pamene malipiro achedwa. Chimanga chosunga, chimene anakagula kuchigawo chapakati alimi atangokolola, anachigulitsa pang'onopang'ono kuyambira Disembala, mtengo utakwera kwambiri. Matumba khumi anapita kwa abale popanda malipiro, ndipo ameneyo ndi msonkho umene ndimauwerengera kale pa geni imeneyi.

Masheya anakwera, makamaka a banki, ndipo mwana wawo sanalephere kundikumbutsa kuti mayina ake anayi akanapindula kuposa atatu athu. Ndinavomera. Munthu wogawa chuma moyenera nthawi zonse amakhala ndi kanthu kena kamene kakutsalira, ndipo chaka chilichonse pamapezeka chinthu chimodzi chimene akanapindula nacho kwambiri akanaikapo zonse. Wolangiza ayenera kunena zimenezi poyamba, chifukwa membala akaziona yekha pambuyo pake amaganiza kuti wanamizidwa.

Mmene zinathera

Fizi ya Febuluwale 2024 inalipidwa ndi lendi ya wachipatala, penshoni ndi mbuzi ziwiri zija. Ya Febuluwale 2025 inalipidwa ndi chimanga chosunga ndi gawo la masheya, amene anatenga masiku angapo kuti apeze wogula. Kwa akatapila sanapiteko. Ngongole yathu ya K2 miliyoni anaimaliza mochedwa ndi miyezi iwiri. Sanalemere. Poyerekeza ndi mitengo ya katundu, chuma chawo chonse n'chochepa kuposa chimene anali nacho mu 2022, ndipo mbali ina ya kuchepako ndi malangizo anga a kubanki. Koma sanagulitse chigayo kapena nyumba pa mtengo wa njala, pamene m'fayilo yathu muli mamembala a dera lomwelo amene anatero.

Kuchokera pa nkhaniyi tinasintha fomu yathu ya ngongole za bizinesi. Kale panali malo olemba mabizinesi ena amene membala ali nawo, ndipo kuchuluka kwake kunkamuwonjezera mapointi. Tsopano pa bizinesi iliyonse pali mabokosi anayi: mvula ikakanika kwanuko, kwacha ikagwa, mafuta akasowa kapena kukwera, ndi mwiniwake akadwala. Mlangizi amachonga pamene bizinesiyo ingagwe. Bokosi lachinayi tinaliwonjezera titazindikira kuti kwa aphunzitsi, kupatula penshoni ndi masheya, chilichonse chimafuna kuti iwo adzuke m'mawa. Ndandanda ikachongedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi, mabizinesiwo timawawerenga ngati imodzi. Tinayang'ananso ngongole za nthambi yathu yonse ndi diso lomwelo, ndipo tinapeza kuti mazana a ngongole zimene tinkanyadira kuti n'zomwazikana zili pa alimi a maboma awiri oyandikana. Nkhani imeneyo ili ku bodi.

Aphunzitsi anabweranso mu Epulo 2025 ndi fomu yatsopano, yofuna pampu yachiwiri ndi dimba lina loyandikana ndi loyamba. Mabokosi anali atachonga okha, ndipo pansi pake anali atawonjezera lachisanu ndi pensulo: Shire akasefukira. Anakumbukira madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pempholo tinalivomereza pa theka la ndalama zimene anapempha, ndipo dimba lachiwiri analipeza pamalo okwera, pomwe pampu imakoka madzi pachitsime.